Masheya a ku America pa malipiro a mapaundi: njira zitatu ndi imene ndinasankha

Anzanga amene timagwira nawo ntchito yosamalira odwala ndi okalamba kuno ku Britain akhala akundifunsa kuti njira yabwino yogulira masheya a ku America ndi iti. Njira zimene ambiri amapeza pa foni ndi zitatu: kugula masheya a makampani m'madola, kugula thumba la masheya lotsata S&P 500, mndandanda wa makampani akuluakulu 500 a ku America, limene limagulitsidwa m'mapaundi ku London, kapena kugula thumba lomwelo koma lotetezedwa ku kusintha kwa mphamvu ya ndalama, limene dzina lake limakhala ndi mawu akuti GBP Hedged.

Chimene chimasiyanitsa njirazi chinaonekera bwino pakati pa 2022 ndi 2023. Kumapeto kwa Seputembala 2022, boma la Liz Truss litalengeza zochepetsa misonkho, paundi inagwa kwambiri, ndipo masiku ena paundi imodzi inkagula madola pafupifupi 1.08. Pofika pakati pa Julayi 2023 inali itabwerera pa madola 1.31, ndipo m'miyezi imeneyo S&P 500 inakwera ndi pafupifupi 25 peresenti. Tiyerekeze kuti munthu anaika £2,000 pa nthawi imene paundi inali pansi.

Njira yoyamba ndi imene ndimaidandaula kwambiri. Kampani yogulirako masheya imene ndinayamba nayo inkalengeza kuti kugula masheya n'kotsika mtengo, koma inkadula 1 peresenti posintha mapaundi kukhala madola, n'kudulanso 1 peresenti ina pogulitsa. Ndalamayi siioneka msanga chifukwa imalowa mu mtengo wosinthira ndalama, moti munthu amaizindikira pokhapokha atayerekeza mtengo wa pa risiti yake ndi mtengo wa pa msika wa ola lomwelo. Pa £2,000, zimene zikanagula masheya ndi £1,980, amene ndi madola 2,138. Ngati masheyawo anakwera mofanana ndi msika, anafika pa madola 2,673, koma powabweza pa 1.31 anatuluka £2,040, ndipo kampani itadulanso gawo lake panatsala £2,020. Masheya akwera ndi 25 peresenti, koma mwini wake wapindula £20 yokha.

Chopweteka china n'chakuti mu akaunti ya ISA, imene ambiri timaikonda chifukwa phindu lake silidulidwa msonkho wa kuno, makampani ambiri ogulirako masheya sakulolani kusunga madola. Mukagulitsa sheya ya kampani ina kuti mugule ya kampani ina, ndalama imayamba yabwerera ku mapaundi kenako n'kupitanso ku madola, ndipo mumalipira kawiri. Makampani ena amadula 0.15 peresenti yokha, choncho funsani zimenezi musanatsegule akaunti.

Njira yachiwiri ilibe malipiro amenewa chifukwa mumagula ndi kugulitsa m'mapaundi. Koma musanyengedwe ndi chizindikiro cha paundi pa mtengo wake, chifukwa mkati mwa thumbalo muli masheya a madola. £2,000 ija ikanafika pafupifupi £2,060.

Njira yachitatu ndiyo ikanapambana pa nthawiyo, chifukwa ikanapereka pafupifupi £2,500, kuchotsapo mtengo wa chitetezocho. Komabe chitetezo chimenechi chimatsekanso phindu limene limabwera dola ikakwera. Mu 2022, S&P 500 inagwa ndi pafupifupi 19 peresenti, ndipo amene anali ndi thumba lotetezedwa anamva kugwa konseko, pamene a thumba losatetezedwa anataya pafupifupi theka lake, popeza paundi inachoka pa madola 1.35 kufika pa 1.21 m'chakacho.

Funso limene limandithandiza kusankha ndi lakuti ndalamayi idzagwira ntchito kuti. Amene akusungira kugula nyumba kuno m'zaka ziwiri kapena zitatu ali ndi chifukwa chodera nkhawa za paundi, ndipo ngati akufunabe masheya pa nthawi yochepa chotero, thumba lotetezedwa lingamuyenere. Koma ambiri a ife tikusungira kumanga kumudzi ndi kukapuma kwathu, kumene mitengo ya malata, mafuta ndi feteleza imayendera dola. Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo zinthu zochokera kunja zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Kwa munthu woteroyo, kulipira kuti chuma chake chimangiriridwe ku paundi kulibe phindu lenileni, makamaka popeza malipiro ake ndi penshoni yake ya kuntchito zili kale m'mapaundi.

Ine ndinasankha njira yachiwiri, ndipo ndimaika ndalama yofanana mwezi uliwonse kuti ndisasinthe zonse pa tsiku limodzi limene paundi yafooka. Njira yoyamba ndingailole pokhapokha kampaniyo ikudula zosapitirira 0.15 peresenti ndipo wogulayo sakufuna kugulitsa pafupipafupi.