Alimi 200 kapena midzi 10: njira zitatu zoyesera manyowa a Mbeya

Mukapatsidwa lipoti la kafukufuku kuti muliunike, funso loyamba pa gawo la ziwerengero likhale lakuti: maere anagwera ndani, mlimi kapena mudzi? Tiyerekeze kuti wophunzira wina kuno ku Kasungu wasankha midzi 10 ya cha ku Santhe, ndipo mwa maere midzi isanu yalima chimanga ndi manyowa a Mbeya pomwe isanu yalima monga mwa masiku onse. M'mudzi uliwonse wayeza minda ya alimi 20, onse pamodzi 200. Manambalawa ndi achitsanzo chabe: midzi ya manyowa yaposa inzake ndi matumba 6 a makilogalamu 50 pa hekitala, ndipo zokolola za alimi zamwazikana ndi matumba 20, chomwe pa kompyuta chimalembedwa `SD`. Mu pulogalamu ya ziwerengero ya R angayese kusiyanaku m'njira zitatu izi.

```r
t.test(zokolola ~ gulu, data = alimi)
t.test(avereji ~ gulu, data = midzi, var.equal = TRUE)
library(lmerTest)
summary(lmer(zokolola ~ gulu + (1 | mudzi), data = alimi))
```

Njira yoyamba imakondedwa chifukwa imatulutsa yankho lokoma. Imatenga mlimi aliyense ngati mboni yoima payokha, choncho mlingo wa kukayika, `SE`, umatsika kufika pa matumba 2.8 ndipo `p`, nambala imene ikachepa kwambiri imasonyeza kuti kusiyana kotere n'kovuta kungochitika mwamwayi, amatuluka pafupifupi 0.035. Koma alimi a m'mudzi umodzi amagawana mvula, dothi ndi mlangizi, ndipo ng'amba ya mu Januwale ikafika siisankha munda. Kufanana kwawoko kumayezedwa ndi `ICC`, ndipo ikakhala 0.10 timawerengera `1 + (20 - 1) × 0.10 = 2.9`. Tikagawa 200 ndi 2.9, umboni wa alimi onsewo ukufanana ndi wa alimi 69 okha osadalirana. Cholakwikachi chimaonekera pa `df`, nambala imene imakula molingana ndi kuchuluka kwa mboni zimene kompyuta yazitenga ngati zoima pazokha: mukapeza 198 kapena nambala yoyandikira pamenepo m'kafukufuku amene maere anagwera midzi 10, dziwani kuti midzi yaiwalika.

Njira yachiwiri imatenga avereji ya mudzi uliwonse, n'kuyerekeza manambala asanu ndi anzake asanu. Olemba ambiri amaiona ngati kutaya ntchito imene anaivutikira ndi sikelo m'minda, koma ine ndi imene ndimayamba kuipempha, chifukwa munthu angathe kuibwereza yekha papepala. Apa `df` ndi 8, `SE` wakwera kufika pa matumba 4.8, ndipo `p` ali pafupifupi 0.25. Kusiyana kwa matumba 6 kuja sikunasinthe, koma malire ake a 95% tsopano akuyambira pa kuchepa kwa matumba 5 mpaka kuwonjezeka kwa matumba 17. Kufooka kwa njirayi kumabwera pamene midzi ili ndi alimi osafanana kuchuluka, chifukwa mudzi wa alimi 6 umapatsidwa mawu ofanana ndi wa alimi 30.

Yachitatu imasunga mzere wa mlimi aliyense koma imazindikira mudzi wake, ndipo imalola kuwonjezera zinthu monga tsiku lobzala. Midzi ikakhala yofanana kukula ngati m'chitsanzochi, yankho lake kawirikawiri limagwirizana ndi la njira yachiwiri, bola `df` awerengedwe mwa njira ya Satterthwaite kapena ya Kenward-Roger, zomwe pulogalamu yowonjezera mu R yotchedwa `lmerTest` imapereka. Popanda zimenezo, midzi ikakhala yochepa chotere `p` amachepa kuposa mmene ayenera kukhalira, ngakhale lipoti likuoneka la ukatswiri.

Kenako onani chifukwa chimene wolemba wapereka posankha alimi 200. Ngati sanatchule `ICC`, kapena kusiyana kwa matumba kumene ankafuna kukugwira, chiwerengerocho chilibe maziko. Akayankha kuti chaka chamawa adzatenga alimi 40 m'midzi yomweyo, muwerengereni: `1 + 39 × 0.10 = 4.9`, kotero alimi 400 adzafanana ndi 82 okha, ndipo ngakhale atayeza munda uliwonse, umboni wa midzi 10 sungapose wa alimi 100 osadalirana. Koma alimi 200 omwewo atagawidwa m'midzi 20, khumi pa mudzi, adzafanana ndi 105. Mafuta a njinga yamoto adzadya ndalama zambiri, komabe umboni wagona pa kuchuluka kwa midzi.

Mawu omaliza a lipoti amalakwika mbali ziwiri. Wodalira njira yoyamba amalemba kuti "manyowa a Mbeya awonjezera zokolola", nthawi zina n'kuwonjezapo kuti m'Malawi monse, pomwe anayeza dera limodzi m'nyengo imodzi ya mvula. Mukamubweza, amathawira kwina n'kulemba kuti manyowawo sathandiza, zomwenso manambala sakunena, pakuti matumba 17 akadali mkati mwa malire aja. Chiganizo chimene ndingachivomereze ndi chakuti m'midzi 10 imeneyi, m'nyengo imeneyi, midzi ya manyowa inaposa ndi matumba 6 pa hekitala, koma kafukufukuyu anachepa kwambiri moti sangathe kusiyanitsa phindu lalikulu ndi kusapindula konse.