Posiyira mnzako ntchito ya kanema: voyisi, zizindikiro kapena kalata ya pa diraivi?

Ife okonza makanema a maukwati kuno ku Zomba timasiyirana ntchito kawirikawiri. Wina wapeza ganyu ku Lilongwe, kanema wa Loweruka lapitalo sanathe, eni ukwati akungoimba foni, basi amatenga diraivi n'kukatula kwa mnzake ku Matawale. Wolandirayo ayenera kudziwa kumene kuli chilichonse, mmene mafayilo akutchulidwira ndi zimene zatsala. Nanga auzidwe bwanji?

Ambiri timathamangira voyisi ya pa WhatsApp. Ili ndi ntchito yake, sindikana. Zoti mayi a mkwatibwi sakufuna kuti perekaniperekani adulidwe ngakhale pang'ono zimamveka bwino pakamwa, chifukwa mawu amasonyeza kukula kwa nkhaniyo. Koma dzina la fayilo silimveka m'voyisi, ndipo mnzako akafuna mfundo imodzi amayenera kumveranso uthenga wonse. Choipitsitsa n'chakuti voyisi imatsala m'foni pamene diraivi ikuyenda. Ikafika kwa munthu wachitatu, imafika yopanda mawu.

Zizindikiro za mkati mwa pulojekiti zimaposa voyisi pa ntchito zotsala. Mu Premiere Pro ndi mu DaVinci Resolve mukadina `M` mumaika `Marker` pamalo penipeni, n'kulembapo kuti "mawu a abusa atsika apa". Chenjerani kokha: chizindikiro choikidwa pa `Timeline` chikhoza kutsala pomwepo mnzanu akasuntha zidutswa, n'kumaloza malo olakwika. Sankhani kaye chidutswacho musanadine `M`, kuti chizindikiro chiziyenda nacho.

Vuto la njira iyi ndi loti imathandiza pokhapokha pulojekiti itatseguka. Fayilo ya `.prproj` yosungidwa mu Premiere yatsopano nthawi zambiri imakana mu yakale. Za Resolve ndiye zimapweteka anthu kwambiri, chifukwa pulojekiti sikhala m'foda ya makanema, imakhala mu `Project Library` ya pa kompyuta yanu. Mukapanda kutulutsa pulojekitiyo ngati `.drp` kapena `.dra`, mnzanu amalandira makanema osakonza, ntchito yonse ndi zizindikiro zake zili pa laputopu yomwe yakwera nanu basi.

Ine ndili kumbali ya kalata yolembedwa mu Notepad, yoikidwa pamwamba penipeni pa foda. Imatseguka pa kompyuta iliyonse, sifuna bando, ndipo kumene diraivi yapita nayonso ili komweko. Ndimaitcha `00_WERENGANI.txt` kuti ziro ziwirizo ziikweze pamwamba pa mafayilo ena, ngakhale kuti pa Windows mafoda ndi amene amayamba pa mndandanda. Chiyambi chake chimaoneka chonchi:

```
01_KAMERA_A   kutsogolo
02_KAMERA_B   gulu
03_MAWU       rekoda ya pa mikisa
04_PULOJEKITI ukwati_v05.prproj
05_ZOTULUKA
```

Pansi pake ndimalemba pulogalamu imene ndagwiritsa ntchito ndi nambala yake, mtundu wa zilembo za mayina a akwati, ndi kuti `v05` ndiyo yomaliza, wopitiriza asunge yake ngati `v06`. Mayina onga "yomaliza yeniyeni" asiyeni, palibe angadziwe kuti yatsopano ndi iti.

Lamulo la mayina ndi pamene kalata imapulumutsa munthu. Tinene kuti ukwati unajambulidwa ndi makamera awiri a Sony, ndipo onse anayamba kuwerenga pa `C0001.MP4`. Diraivi ikalowa pa kompyuta ina, chilembo chake chimatha kusintha kuchoka pa `E:` kupita pa `F:`, zidutswa n'kufiira ndi mawu akuti `Media Offline`. Mnzanu polumikizanso akhoza kuloza `C0014.MP4` ya kamera ina. Pulojekiti imaoneka ngati yachira, koma pamene payenera kuoneka akwati akuvekana mphete pakuoneka azimayi a kwaya, pomwe mawu ochokera pa rekoda akunena za malumbiro. Kalata inene momveka kuti foda iliyonse ilumikizidwe payokha, ndipo pasapezeke wosintha dzina la fayilo imene yalowa kale m'pulojekiti. Ngati munasintha mayina musanayambe, lembani dongosolo lake, monga `A_tchalitchi_014.MP4`.

Kalata nayo ili ndi chilema chake: imakalamba msanga. Mukailemba Lachiwiri n'kupitiriza ntchito mpaka Lachinayi, imayamba kunama. N'chifukwa chake ndimailemba pomaliza penipeni, tsiku lili pamwamba, ndipo zotsala sindizilondolera ndi mphindi za kanema, zomwe zimasuntha, koma ndi mtundu wa chizindikiro: zofiira ndi mawu ofunika kukonza, zachikasu ndi zithunzi za ku Mulunguzi Dam zomwe mtundu wake sunawongoledwe. Ndimapatulanso zimene zikudikira ife ndi zimene zikudikira eni ukwati. Ngati ankhoswe sanatumizebe kalembedwe kolondola ka mayina a anamkungwi ndi operekeza, zilembedwe choncho, kuti mnzanu asalote mayinawo n'kutulutsa kanema amene adzabwezedwe.