Buku la mainivoisi kapena kompyuta: nambala ikasowa, woyendera mabuku amafuna chiyani?

Tiyerekeze loji ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi yomwe ili ndi mainivoisi 0412, 0413 kenako 0415. Woyendera mabuku adzafunsa za 0414, chifukwa nambala yosowa ingatanthauze kuti mlendo analipira chipinda ndi chambo chake, ndalama n'kulowa m'thumba la wina osalembedwa, ndipo msonkho wa VAT wopita ku MRA n'kuchepa.

Buku losindikizidwa kale nambala, lija la kaboni, limayankha funsoli mosavuta ngati mlembi ali ndi mwambo. Akalakwitsa, ajambule mizere iwiri, alembe kuti yathetsedwa, asaine, ndipo mapepala onse, loyamba ndi makope ake, atsale m'bukumo. Akang'amba n'kutaya, umboni wapita. Vuto lina limabwera mabuku awiri akamagwira ntchito nthawi imodzi, lina ku bala lina polandirira alendo: nambala zimaoneka ngati zikudumpha, choncho pamafunika kaundula wosonyeza buku lililonse, nambala zake ndi amene analitenga.

Kompyuta imapereka nambala yokha, komabe mipata imapezeka. Mapulogalamu ena amatenga nambala inivoisi isanasungidwe, ndiye magetsi akathima nambalayo yapita. Choipa kwambiri ndi pulogalamu yolola kufufuta. Yabwino imakana, inivoisi yolakwika imakhalabe, ndipo mumalemba kirediti noti yoibweza.

Ine ndingasankhe kompyuta, pokhapokha ngati imasunga mbiri ya amene anathetsa 0414 ndi nthawi yake. Ikapanda kutero, buku losungidwa bwino limaiposa.