Imalumikiza bwino zithunzi, koma samalani ndi mizere yofanana

Ndagwiritsa ntchito pulogalamuyi kwa miyezi iwiri posandutsa zithunzi za kaundula wa katundu wotuluka mosungira katundu kukhala tebulo la pakompyuta, ndipo ndemanga yanga ikukhudza mmene imazindikirira mizere yobwerezedwa.

Tebulo limene ndinayesera linali ndi mizere 186 ndipo silikanakwana m'chithunzi chimodzi. Ndinajambula zithunzi 5, ndipo mwadala ndinkayamba chithunzi chilichonse ndi mizere 4 kapena 5 imene inali kumapeto kwa chinzake, kuopa kudumpha mzere. Pulogalamuyi itawerenga zonse inatulutsa mizere 203, kutanthauza kuti mizere 17 inali yobwereza.

Poyamba ndinasankha njira yofufuza mizere yofanana m'tebulo lonse, ndipo apa ndi pamene ndinakhumudwa. Inachotsa mizere 18, koma iwiri mwa imeneyo sinali yobwereza konse, chifukwa pa tsiku limodzi katundu yemweyo anatulukadi kawiri pa mlingo wofanana, ndipo zimenezi zinachitika pa masiku awiri osiyana. M'kaundula wopanda nambala ya mzere uliwonse zoterezi zimachitika kawirikawiri, choncho ndikuona kuti pulogalamuyi inayenera kundichenjeza isanachotse kanthu.

Njira yachiwiri ndi imene ndikuiyamikira. Imayang'ana polumikizira zithunzi pokha, n'kuyerekeza mizere yomaliza ya chithunzi choyamba ndi mizere yoyambirira ya chotsatira monga gulu lotsatizana. Mzere umodzi ukhoza kufanana ndi wina mwangozi, koma n'kovuta kuti mizere inayi ifanane yonse m'ndondomeko imodzimodzi ngati si malo omwewo apepala. Mwa njira imeneyi mizere iwiri ija inabwerera.

Komabe panatsala mizere 187. Chimene chinandithandiza ndi chiwonkhetso cholembedwa pamanja kumunsi kwa pepala, chifukwa chiwonkhetso cha pakompyuta chinapitirira ndi 30. Nditafufuza nambalayi ndinapeza kuti mzere womaliza wa chithunzi chachitatu unadulidwa pang'ono m'mphepete, ndipo 80 anawerengedwa ngati 30, pamene m'chithunzi chachinayi anawerengedwa molondola. Pulogalamuyi inaona ngati ndi mizere iwiri yosiyana n'kuisunga yonse. Ndikuganiza kuti inachita bwino kusaganizira yokha nambala yolondola, ngakhale ndikanakonda ikanaika mizere iwiriyo pamodzi ndi zithunzi zake kuti ndisankhe mwamsanga.

Pali malo ochepetsera mlingo wa kufanana kuti izivomereza kusiyana pang'ono, monga pakati pa 0 ndi O, koma nditautsitsa kwambiri inayamba kuphatikiza mizere yosiyana tsiku lokha, choncho ndinaubwezera pamene unali.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Tsopano ndimajambula mosiya mizere yathunthu yosachepera 4 polumikizira, ndipo sindisunga tebulo ndisanayerekeze chiwerengero cha mizere ndi chiwonkhetso cha papepala.