Lipoti la zotsatsa: la Ads Manager kapena la tsamba limodzi?

Ndimayendetsa zotsatsa za pa Facebook za sitolo ina ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe. Mwezi ukatha, eni ake amafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: ndalama za mwezi wamawa aziike pati. Ndayesapo njira ziwiri zowapatsira lipoti.

Yoyamba ndi kungotsitsa lipoti la mu Meta Ads Manager, chida choyendetsera zotsatsa za pa Facebook. Ndi yachangu ndipo manambala ake salakwika pa zomwe Facebook imaona: Alcance, kutanthauza anthu amene chotsatsa chawafikira, ndi Custo por resultado, ndalama zomwe zapita pa uthenga uliwonse wobwera pa WhatsApp. Koma maso ake amathera pomwepo. Mlimi wochokera ku Domwe akalipira ndalama pamanja kapena pa M-Pesa, lipotilo silimudziwa.

Mwezi wina, mvula ili pafupi, tinaika mametikali 3,000 pa chotsatsa cha mbewu ya chimanga ndi 3,000 ena pa cha feteleza. Cha mbewu chinabweretsa mauthenga 60, uliwonse pa mametikali 50. Cha feteleza chinabweretsa 30 okha, uliwonse pa 100. Poona zimenezi aliyense anganene kuti cha feteleza chikudya ndalama, chizimitsidwe.

Njira yachiwiri ndi tsamba limodzi lomwe ndimalemba ndekha, nditaphatikiza manambala omwewo ndi kope la pakauntala. Mtsikana wogulitsa amafunsa wogula aliyense kuti, "Mwamva kuti za katunduyu, bambo?" n'kulemba yankho. Kopelo linaonetsa kuti mwa ofunsa za mbewu aja anagula ndi 5, pomwe mwa ofunsa za feteleza anagula 12. Ndiye kuti wogula mbewu mmodzi anatidyera mametikali 600, wa feteleza 250. Ambiri a mbewu ankangofunsa mtengo n'kusowa.

Patsambalo ndinalemba ziganizo zitatu zokha, chilichonse ndi chifukwa chake pambali: cha feteleza chiwonjezeredwe 1,500, cha mbewu chichepetsedwe, ndipo mtengo ulembedwe pachithunzi pomwe kuti ongofunsa achepe komanso kuti mauthenga aziyankhidwa tsiku lomwelo. Abwana anawerenga ali chiimire pakhomo la sitolo, nati, "Chitani choncho."

Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, koma ili ndi zofooka zake. Imanditengera theka la tsiku, ndipo imadalira kopelo. Tsiku la msika mzere ukatalika wogulitsa amaiwala kufunsa, ndipo mumazindikira mukaona masiku amene malonda anali ambiri koma kope lili loyera. Komanso ogula 5 ndi ochepa kwambiri kuti muweruzire chotsatsa, n'chifukwa chake cha mbewu tinangochichepetsa, sitinachizimitse. Lipoti la Ads Manager ndimalitsitsabe, ndipo ndimaliika kuseri kwa tsambalo kuti abwana akafuna kutsimikiza ndalama zomwe zatuluka, aone okha.