Kope la zolakwa za Chingerezi: zomwe zimagwirabe ntchito pakatha miyezi

Njira yowongolera kalembedwe ka Chingerezi imene tikuiunika pano ndi yosalira ndalama: kope limodzi, munthu mmodzi wochonga, ndi chimangirizo chimodzi cha mawu 250 mpaka 300 sabata iliyonse. Wolemba amalandira pepala lake lochongedwa, n'kulemba m'kopemo zomwe walakwitsa. M'masabata oyamba pafupifupi aliyense amaikonda. Koma teremu ikatha ina n'kuyamba, zimaoneka kuti mbali zina za njirayi n'zolimba, pomwe zina zimangodya nthawi.

Chimene chimafooka msanga ndi kuchonga chilichonse. Pepala likabwera lofiira lonse, wolemba amakopera ziganizo zokonzedwazo bwinobwino, kope limadzaza, koma chimangirizo chotsatira chimabwera ndi zolakwa zomwe zija. Chifukwa chake n'chakuti amene waganiza ndi wochonga, wolemba wangokopera. Pa kompyuta vutoli limakula: wochonga akagwiritsa ntchito Track Changes mu Word kapena Suggesting mu Google Docs, wolemba amadina Accept All, nkhani n'kuyera, iye osaona n'komwe chomwe chasintha. Wofufuza za kaphunzitsidwe ka zilankhulo John Truscott analemba mu 1996 kuti kukonza galamala m'zolemba za ophunzira kulibe phindu, ndipo wofufuza mnzake Dana Ferris anamutsutsa mu 1999. Ife tili kumbali ya Ferris, komabe kuchonga kwa mtundu uwu kumapangitsa Truscott kuoneka wolondola.

Chimene chakhalitsa ndi kupempha wochonga zinthu zochepa. Musamuuze kuti "mundionereko". Muuzeni kuti adule mzere pansi pa mitundu iwiri yokha ya zolakwa, asalembe yankho, ndipo pamapeto anene ndime imodzi imene sanaimvetse. Kudula mzere kokhako kumakwanira pa zolakwa zambiri. Kafukufuku wa Ferris ndi Roberts wa mu 2001 anapeza kuti ophunzira amene anangodulidwira mzere anadzikonza pafupifupi mofanana ndi amene anapatsidwanso zizindikiro za mtundu wa cholakwa. Choncho ngati mndandanda wa zizindikiro ukutopetsa wochonga wanu, usiyeni. Chofunika n'chakuti asatope nanu.

Mitundu iwiriyo musaisankhe mongoganiza. Tengani zimangirizo zitatu zoyamba, zichongedwe zonse mokwanira kamodzi kokha, kenako muwerenge mtundu umene ukubwera kawirikawiri. Kwa ife olankhula Chichewa, ina imadziwika kale komwe imachokera. Tili ndi mlowam'malo mmodzi, "iye", wa mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake "he" ndi "she" amasinthana pakati pa ndime. Tilibenso timawu tofanana ndi "a" ndi "the", ndiye timatisiya kapena kutiika posayenera.

Tiyerekeze wophunzira wokonzekera mayeso a Fomu 4 amene walemba chiganizo ichi: "My sister go to market yesterday and he bought new dress." Wochonga chilichonse apeza zolakwa zinayi. Koma ngati mitundu yosankhidwa ndi nthawi ya mneni ndi mlowam'malo, mizere ikhala iwiri yokha, pansi pa "go" ndi pansi pa "he". Timawu tiwiri tosowa tija tidikire mwezi wake. Wophunzira akonze yekha, ndipo m'kope alembe zinthu zinayi: chiganizo cholakwikacho monga chinalili, chiganizo chokonzedwa, lamulo m'mawu akeake, ndi chiganizo chatsopano cha nkhani ina chotsata lamulo lomwelo. Lamulolo alilembe m'Chichewa ngati ndi mmene akulimvera bwino, mwachitsanzo: "Nkhani ikakhala ya dzulo, aneni onse a m'chiganizo akhale a nthawi yakale, osati womaliza yekha."

Gawo lachinayi, la chiganizo chatsopano, ndi limene anthu amayamba kulidumpha akatopa, chikhalirecho ndi limene limabala chizolowezi. Mukatsegula kope la miyezi ingapo n'kupeza masamba oyamba ali ndi magawo anayi, omaliza ali ndi awiri, dziwani kuti kopelo lasanduka mosungira katundu. Mankhwala ake si kudzikakamiza kulemba zambiri, koma kuchepetsa: zolakwa zitatu zokha pa chimangirizo chilichonse, zolembedwa mokwanira.

Chinthu china chimene sichioneka poyamba n'chakuti si zolakwa zonse zimene zimamvera njirayi. Ferris anasiyanitsa zolakwa zokhala ndi lamulo loti munthu angaliphunzire, monga nthawi ya mneni kapena kugwirizana kwa mneni ndi mwininkhani, ndi zina zopanda lamulo loonekera, monga kusankha liwu loyenera ndi aperekezi ambiri. Pa gulu lachiwirili kudula mzere kumangozunguza. Wolemba "discuss about" akaona mzere amasintha mperekeziyo n'kuika wina, osadziwa kuti mneniyu safuna mperekezi aliyense. Apa wochonga alembe yankho, ndipo wophunzira alisunge kumapeto kwa kope ngati kagulu ka mawu oyendera limodzi, osati liwu lokhalokha. Anthu ambiri amene amataya mtima ndi njirayi amakhala kuti asakaniza magulu awiriwa.

Nanga mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Osati poona pepala lokonzedwa, chifukwa ilo limakhala loyera nthawi zonse. Yang'anani chimangirizo chatsopano, cha mutu wina, cholembedwa kope lili chitsekere. Werengani zolakwa za mtundu umodziwo, mugawe ndi chiwerengero cha mawu, muchulukitse ndi 100. Zolakwa 9 m'mawu 300 ndi 3 pa mawu 100 alionse. Zolakwa 6 m'mawu 150 ndi 4, ngakhale zikuoneka ngati zachepa. Mtundu ukatsika kufika pa cholakwa chimodzi kapena osapezeka m'zimangirizo zitatu zotsatizana, uchotseni pa mndandanda n'kulowetsa wina, koma muziubwerera kamodzi pamwezi.

Kubwererako n'kofunika chifukwa cholakwa chimene chinazimirira chimatulukanso munthu akamalemba mothamanga kapena pa mutu wovuta. Maganizo onse amapita ku mfundo, dzanja n'kubwerera ku zimene linazolowera. Zimenezi sizitanthauza kuti lamulo laiwalika. Umboni wake ndi wakuti wolemba akaonetsedwa mzere amakonza nthawi yomweyo. Chofunika apa si phunziro lina la galamala, koma mphindi zisanu zomaliza zowerengera pepala kufunafuna mtundu umodzi wokha pa ulendo uliwonse. Palinso vuto lotsutsana nalo, la kupitirira muyeso: amene wangophunzira "the" amayamba kuliika patsogolo pa dzina lililonse. Izi zimatha zokha ngati wochonga akudula mzere pansi pa owonjezerawo ngati mmene amachitira pa osowa.

Malire a njirayi ayenera kunenedwa poyera. Kope limawongola ziganizo, koma silikonza kayalidwe ka mfundo. Munthu akhoza kulemba ndime yopanda cholakwa chilichonse koma yosayankha funso. N'chifukwa chake pempho lija, loti wochonga anene ndime imene sanaimvetse, lisamasiyidwe, ndipo ndimeyo ilembedwenso yonse galamala isanakhudzidwe. Kukonza aneni m'ndime imene mudzaichotse n'kutaya nthawi. Wochonga naye ali ndi malire: mnzanu wa kalasi imodzi amagwira bwino "he" ndi "she", koma pa timawu tija, "a" ndi "the", mumalakwitsa zofanana, ndiye mwezi wa timawuto mufune mphunzitsi kapena munthu amene amalemba Chingerezi tsiku ndi tsiku kuntchito.