Ndemanga: ntchito yotikonzera imelo kuti mauthenga osamaliza tiziyamba ndi ofulumira

Ndife anthu anayi amene timayang'anira maoda a gulu lathu la alimi kuno ku Dedza. Timatolera mbatatesi, kabichi ndi tomato kwa alimi a ku Bembeke ndi madera ozungulira, zikachepa timakawonjezera ku Lizulu, kenako timatumiza ku malo ogona alendo, malo odyera ndi sukulu zogonera komweko ku Lilongwe. Ambiri mwa makasitomala amenewa amafuna zonse zilembedwe pa imelo, ndiye tonse anayi timagwiritsa ntchito adiresi imodzi ya Gmail, pa laputopu imodzi ya mu ofesi ndi pa mafoni athu. Miyezi itatu yapitayo tinalipira mtsikana wina wa pa boma pano, amene amakonza za makompyuta, kuti atikonzere imeloyo. Ndikulemba zimene ndaona chiyambire nthawi imeneyo, zabwino ndi zopelewera zomwe.

Vuto lathu silinali kusawerenga mauthenga ayi. Tinkawerenga, n'kuyamba kuyankha, koma osamaliza. Wayamba kulemba mtengo, wakumbukira kuti uyenera kufunsa kaye a tcheya. Wayamba kulonjeza matumba 20, koma sunamve ngati alimi akumba. Mwina magetsi azima, mwina galimoto yafika ndipo ukufunika kukawerenga katundu. Uthengawo umangosungika wokha mu Drafts, ndipo choopsa chake n'chakuti mumtima umamva ngati unayankha kale. Tsiku limene asisiwo anabwera tinapezamo mauthenga 23 oterowo.

Asanagwire chilichonse anationetsa chinthu chimodzi chimene ine sindinkachidziwa. Mu Drafts uthenga umene waukhudza posachedwa ndi umene umakhala pamwamba. Ndiye kuti umene wauiwala umapitirira kutsikira pansi tsiku ndi tsiku, pomwe umenewo ndi umene mwini wake wadikira kwambiri. Ife tinkatsegula n'kuyamba ndi wapamwamba. Mwa njira imeneyo kasitomala wina amene anafunsa tomato Lolemba tinamuyankha Lachinayi, atagula kale kwina, ndipo madengu asanu ndi limodzi tinagulitsa motchipa m'mbali mwa msewu atayamba kufewa. Cholakwacho chinali chathu.

Zimene anatikonzera si zambiri. Anapanga malebulo anayi, iliyonse ndi mtundu wake: 1-LERO yofiira, 2-MAWA yachikasu, 3-SABATA yobiriwira, ndi 4-TIKUDIKIRA yotuwa. Manambala akutsogolowo ali ndi ntchito, chifukwa malebulo amandandalikidwa motsata zilembo, ndiye nambala imachititsa kuti ya LERO izikhala pamwamba nthawi zonse. Kenako pa laputopu analowa ku Settings, See all settings, Inbox, ndipo pa Inbox type anasankha Multiple inboxes. Pamenepo pamaloledwa zigawo mpaka zisanu, ndipo pa Search query ya chigawo chilichonse analemba motere:

```
label:1-lero
label:2-mawa
label:3-sabata
label:4-tikudikira
in:drafts
```

Tsopano ukangotsegula laputopu umaona mauthenga a lero pamwamba, a mawa pansi pake, mpaka chigawo chachisanu chimene chimaonetsa onse osamaliza. M'chigawo chomalizacho, uthenga uliwonse umene ulibe kamtundu pambali pake ndiye kuti sunasankhulidwe, ndipo suyenera kugona choncho.

Kukonza zimenezi sikunathe ndi ola limodzi lomwe. Ndalama yathu inagwira ntchito pa maola awiri otsatirawo, pamene anakhala nafe pansi n'kutiphunzitsa kusankhula. Ife tinkafuna kuika pa LERO uthenga wa kasitomala wamkulu, kapena wa amene walemba mwaukali. Asisiwo anakana. Anati pa uthenga uliwonse tizifunsa funso limodzi: tikapanda kuutumiza, chimene chiwonongeke n'chiyani, ndipo chiwonongeka nthawi yanji? Yankho likakhala ndi ola la lero, ndi wofiira. Likakhala lopanda ola, ngakhale wolembayo akhale bwana wamkulu bwanji, si wa lero.

Ndifotokoze za m'mawa wina wa Lachiwiri mu Julaye, kuli chifunga chija cha kuno choti phiri osalioneka n'komwe, kuti muone mmene zimayendera. Tinali ndi mauthenga asanu osamaliza, ndipo lole imene timachita hayala inkanyamuka 2 koloko masana.

Woyamba unali wa sukulu imene imagula kwa ife matumba ambiri kuposa onse. Inkafuna mitengo ya mbatatesi ya teremu ya mu Seputembala, ndipo komiti yawo inkakumana Lachisanu la sabata yotsatira. Kale uwu ndi umene tikanayamba nawo, n'kuthera m'mawa wonse tikukambirana mitengo. Unapita ku SABATA. Wachiwiri unali wa amayi ena a malo odyera aang'ono ku Area 25, amene ankafunsa ngati tingawonjezere madengu atatu a tomato pa ulendo wa tsiku lomwelo. Ndalama yake ndi yochepa, koma kuti tomatoyo akwere lole, alimi amayenera kuuzidwa isanakwane 10 koloko kuti athyole, asankhe n'kubweretsa kumsewu. Taonani pamenepo: ola la uthengawo silinali 2 koloko ya lole ayi, koma 9 koloko, chifukwa tinayenera kupereka mtengo, amayiwo avomere, ndipo ife tiimbire alimi. Kuwerenga chobwerera m'mbuyo kotereku, kuchokera pa nthawi imene katundu anyamuke kufika pa nthawi imene yankho liyenera kutuluka, ndi phunziro limene ndalipindula kwambiri pa ntchito yonseyi.

Wachitatu unali wa malo ogona alendo amene anadandaula kuti m'matumba awiri munali mbatatesi zobiriwira, zija zapsa ndi dzuwa. Apa tinatsutsana. Achimwene amene amasunga ndalama anati dandaulo ndi lofulumira nthawi zonse. Titafunsa funso lija tinaona kuti akunena zoona, koma pa chifukwa china: ngati tikufuna kuwabwezera matumba awiriwo, ayenera kukwera lole yomweyo, apo ayi adikira mpaka Lachisanu. Unakhala wofiira, ola lake 12 koloko. Wachinayi unali wotumiza invoisi imene akaunti ya kasitomala inkafuna lisanathe Lachitatu, ndiye MAWA. Wachisanu unali woyankha munthu wofuna kabichi wambiri mwezi wotsatira, ndipo sitikanaumaliza tisanamve kwa alimi kuti kabichi adzakhala atakhwima liti.

Wachisanuwu ndi umene unandiphunzitsa ntchito ya TIKUDIKIRA. Mauthenga otere ndi amene ankadzaza Drafts yathu, chifukwa sangamalizidwe ngakhale utakhala nawo tsiku lonse. Lamulo limene asisiwo anatipatsa ndi lakuti uthenga usalowe mu TIKUDIKIRA tisanatumize kaye mizere iwiri kwa mwini wake, yakuti talandira, tikufunsa alimi, tidzayankha Lachinayi. Likafika Lachinayilo umasanduka wofiira, kaya alimi ayankha kaya sanayankhe. Tsiku limenelo wa tomato unatuluka 8:20, wa mbatatesi zobiriwira 9 koloko isanakwane, ndipo zonse zinakwera lole.

Tsopano zopelewera, chifukwa amene mukufuna kulipira ntchito yotereyi muyenera kuzidziwa. Chachikulu n'chakuti malebulo sasuntha okha. Uthenga wa MAWA kukacha umakhalabe wachikasu mpaka munthu ausinthe ndi dzanja. Sabata yachiwiri tinalumpha masiku awiri osasintha chifukwa tinali kumaliro, ndipo titabwera chigawo cha LERO chinali chopanda kanthu pomwe mauthenga atatu ofulumira anali atabisala mu MAWA. Chizindikiro chake n'chimenecho: mukaona pa LERO palibe chilichonse m'mawa wa tsiku la lole, musasangalale, yang'anani pansi pake. Pano munthu mmodzi, amene ali pa sabata yake, amathera mphindi khumi 7:30 m'mawa kusuntha malebulo asanayankhe uthenga uliwonse. Komanso uthenga ukatumizidwa lebulo imatsalirabe pa zokambiranazo, ndiye wotumiza ayenera kuichotsa nthawi yomweyo, apo ayi LERO imadzaza ndi zinthu zomwe zinatha kale ndipo maso amasiya kuikhulupirira.

China, zigawo zisanu zija zimaoneka pa kompyuta pokha. Pa foni umatsegula mndandanda wa kumanzere n'kusankha lebulo ya 1-LERO wekha. Si chovuta, koma asisiwo sanatiuze zimenezi tsiku loyamba, ndipo anzanga awiri amene amakhala kumunda nthawi zambiri ankaganiza kuti mafoni awo alakwika. Titawaimbira anabwera mawa lake n'kutionetsa popanda kulipiritsa zina, zimene ndinayamikira, koma zinayenera kunenedwa poyamba pomwe.

Mkati mwa LERO momwemo mauthenga sandandalikidwa motsata ola limene akufunika. Njira imene anatipatsa ndi kulemba mzere umodzi pamwamba pa uthenga wosamaliza: ola, chilembo choyamba cha dzina la amene waugwira, ndi chimene chikusowa, mwachitsanzo "9:00, M, mtengo wa dengu". Chilembocho chimathandizanso kuti anthu awiri asamalembe mu uthenga umodzi nthawi imodzi, wina pa foni wina pa laputopu. Koma mzerewu uli ndi ngozi yake, ndipo inandigwera ine. Ndinatumiza uthenga osafufuta mzerewo, ndipo pamenepo mnzanga anali atawonjezerapo kuti kasitomalayo amachedwa kulipira. Ndinapepesa pa foni, bambowo anamvetsa, koma zinandiwawa. Chiyambire pamenepo pa mzerewo sitilembapo maganizo athu pa munthu, ndipo Undo Send tinaiika pa masekondi 30, amene ndi ochuluka kwambiri omwe amaloledwa, kuti ukazindikira msanga uubweze usanapite. Samalaninso ndi kachizindikiro ka bini pansi pa uthenga wosamaliza: umene wautaya pamenepo sukaupeza mu Trash.

Kodi ndingalangize ena? Ngati muli anthu atatu kapena anayi pa adiresi imodzi, ndipo katundu wanu ndi wowola kapena amadalira galimoto imene ili ndi nthawi yake, inde, lipirani. Ife tinalipira ndalama yosakwana mtengo wa madengu asanu ndi limodzi aja. Koma muuzeni wokukonzeraniyo kuti asangopanga malebulo n'kupita. Akhale nanu musankhule limodzi mauthenga enieni amene ali mu Drafts yanu tsiku limenelo, ndipo ayese pa foni ya aliyense asanachoke. Ngati maoda anu ambiri amabwera pa WhatsApp kapena pa foni, zimene ndafotokozazi sizigwira mauthenga amenewo, ndipo kwa ife mbali imeneyo idakali m'kope la pa tebulo. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. M'mawa uno mu Drafts munali mauthenga anayi, ofiira awiri, ndipo onse awiri anatuluka 9 koloko isanakwane.